Mzere umodzi, misi iwiri: kumasulira nyimbo ya Chichewa m'Chingerezi

Mzere wa nyimbo umasenza zinthu zitatu nthawi imodzi: zomwe mawu akunena, kagundidwe komwe mawuwo akuyendamo, ndi zomwe womvera amamva mumtima. Womasulira kalata kapena nkhani ya m'nyuzipepala amalimbana kwambiri ndi choyambacho. Womasulira nyimbo amalimbana ndi zonse zitatu, ndipo kawirikawiri chimodzi chikakhala bwino chinzake chimapendekeka. Pakati pa Chichewa ndi Chingerezi vutoli limakula chifukwa zilankhulo ziwirizi zimamanga mawu mosiyana kuyambira pa phatikizo lenilenilo.

Asanakhudze liwu lililonse, womasulira amafunika adziwe ntchito yomwe mzere wa Chingereziwo ukagwire. Pali kumasulira koti munthu awerenge m'kabuku kapena papepala la pulogalamu, kuti angodziwa zomwe woimba akunena. Pali kumasulira kolembedwa m'munsi mwa kanema, komwe mzere umodzi sudutsa kwenikweni malembo 40 ndipo umafunika kuwerengeka m'masekondi ochepa chithunzi chisanasinthe. Kenaka pali kumasulira koti kwaya kapena woimba aimbe pa chuni chomwecho cha Chichewa. Mitundu iwiri yoyambayo imalola womasulira kutsata tanthauzo momasuka. Wachitatuwu ndiye wothina, chifukwa chuni chinapangidwa kale ndipo sichisuntha. Nyimbo za akaidi a ku ndende ya Zomba, zomwe chimbale chawo chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, zinafika kwa omvera akunja zikuimbidwabe m'zilankhulo za kuno, makamaka Chichewa, ndipo Chingerezi chinangogwira ntchito pa mitu yake. Nyimbo ya fuko, yomwe Michael Sauka anapeka ndipo dziko linailandira mu 1964, ili mbali inayo: imaimbidwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi pa chuni chimodzi. Mzere wake woyamba uli ndi mawu 3 m'Chichewa ndi mawu 7 m'Chingerezi, koma mbali zonse maphatikizo ndi 9. Apa pakuoneka kale lamulo loyamba la ntchitoyi, loti chowerenga ndi maphatikizo osati mawu.

Njira yonse imaoneka bwino ikayesedwa pa mzere umodzi. Mzere wotsatirawu wapekedwa chifukwa cha nkhani ino, potsata mtundu wa nyimbo zomwe amayi amaimba pamtondo:

*Chichokereni inu bambo, pakhomo pangoti zii.*

Mayi akuimbira mwamuna wake amene anachoka kalekale, monga ankachokera amuna ambiri opita ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Halale. Amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, misi ikugwa mosinthana.

Ntchito imayamba ndi khutu. Papepala, theka loyamba la mzerewu lili ndi maphatikizo 9: chi-cho-ke-re-ni i-nu ba-mbo. Koma palibe mayi amene angaimbe "ni" ndi "i" padera. Malembo a liwu awiri ofanana akakumana amamezana, ndipo zomwe zimatuluka pakamwa ndi chi-cho-ke-re-ni-nu-ba-mbo, maphatikizo 8. Theka lachiwiri lili ndi 7, pa-kho-mo-pa-ngo-ti-zii, koma "zii" amakokedwa n'kutenga malo a maphatikizo awiri. Choncho mzere wonse uli ndi malo 16, theka lililonse 8, ndipo musi ukugwa pa malo oyamba, achitatu, achisanu ndi achisanu ndi chiwiri:

CHI-cho-KE-re-NI-nu-BA-mbo
PA-kho-MO-pa-NGO-ti-ZI-i

Womasulira amene wawerenga maphatikizo papepala osamva nyimbo amapeza 9 ndi 7, ndipo mzere wake wa Chingerezi umayamba wapunduka.

Kumvetsera kuli ndi phindu linanso. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo pokweza ndi kutsitsa liwu, ndipo kalembedwe ka masiku onse sikaonetsa zimenezi. Aliyense amadziwa za mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, koma chomwe chimagwetsa omasulira ambiri ndi nthawi ya mneni. "Ndimalima" atha kukhala munthu amene amalima chaka ndi chaka, athanso kukhala amene anali kulima dzulo pamene mvula inam'peza. Malembo ndi omwewo, kusiyana kuli pa phatikizo lomwe liwu lakwera. Chingerezi chimakakamiza womasulira kusankha nthawi imodzi. Nthawi zina chuni cha nyimbo chimaphimba kukwera kwa liwuko, ndipo zikatero yankho limapezeka m'mizere yoyandikana nayo kapena kwa mwini nyimbo.

Likadziwika dongosolo la kagundidwe, womasulira amalemba tanthauzo lonse m'mawu wamba, mosasamala kukoma. Pano ndi pomwe zobisika za mzere zimatulukira, ndipo mzere uno uli nazo zinayi.

"Chichokereni" ndi liwu limodzi, koma likunena kuti kuyambira tsiku lomwe munthu anachoka mpaka lero palibe chasintha. Silinena tsiku, silinenanso ngati wochokayo adzabwera. Chingerezi chili ndi njira yachidule yonenera zimenezi, ndiye apa palibe chovuta.

"Inu bambo" ndi nkhani ina. Mkazi wa kumudzi satchula mwamuna wake dzina pagulu. Amati "bambo", "bambo a kunyumba" kapena "abambo ake a uje", ndipo amam'tchula "inu" ngakhale akukangana. Chingerezi cha lero chili ndi liwu limodzi lokha la "iwe" ndi "inu", kotero ulemu wonsewo umasungunuka pomwepo. Komanso "bambo" m'Chichewa ndi wotakata. Mwana wamasiye atha kuimba mzere womwewu polira atate ake, ndipo ungamveke bwinobwino pamaliro. Mtanthauziramawu apereka liwu la Chingerezi lotanthauza kholo lachimuna, ndipo womasulira akalitenga osaganiza, nyimbo ya mkazi wosiyidwa imasanduka ya mwana.

"Pakhomo" si chitseko, ngakhale khomo ndi polowera m'nyumba. Ndi banja lonse ndi malo ake: bwalo losesedwa, nkhokwe, khola, ana, alendo obwera kudzacheza madzulo. Munthu akati "pakhomo pano sipali bwino" sakunena za matabwa.

Chachinayi, chomwe ndi mtima wa mzerewu, ndi mvekero "zii". Mvekero ndi mawu monga "mbee", "bii", "phee", "gwa" ndi "psuu", omwe amajambula chinthu m'malo mochifotokoza, ndipo nthawi zambiri amabwera pambuyo pa mneni "kuti". "Zii" amanena za bata la malo opanda anthu. Amanenanso za kuzizira, monga madzi a m'mtsuko m'mawa. Amanenanso za kusakoma, monga ndiwo zopanda mchere kapena phwando lopanda ng'oma. Mayi wa pamtondo akutanthauza zonsezo pamodzi, ndipo anzake omwe akusinja nawo akumvanso chachinayi chomwe sichitchulidwa pagulu, kuzizira kwa mphasa. Kaphatikizo "-ngo-" kakuwonjeza kuti palibenso china chomwe chatsala, ndi zii basi.

Kumasulira liwu ndi liwu kumabala izi:

*Since you left, father, at the door it just says zii.*

Mngerezi akamva zimenezi aganiza za chitseko cholankhula. Mzere wotere uli ndi ntchito yake pa tebulo la womasulira ndi m'mabuku a akatswiri a zilankhulo, koma suyenera kufika kwa womvera. Kumasulira kotsata tanthauzo lokha, mwachidule, kumabala izi:

*Since you left, home is quiet.*

M'munsi mwa kanema mzere uwu ungagwire ntchito, chifukwa woonera akumva yekha liwu la woimba ndipo akuona nkhope yake. Poimba sungatheke. Uli ndi maphatikizo 7 pomwe chuni chili ndi malo 16. Izi sizochitika mwangozi. Phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu, ndipo mawu ambiri amatalika ndi timagawo tomatidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Chikondi, usiku ndi imfa zili ndi maphatikizo atatu kapena awiri m'Chichewa, pomwe mawu ake a Chingerezi ali ndi limodzi lokha. Womasulira nyimbo za m'tchalitchi kuchoka ku Chingerezi kubwera ku Chichewa amavutika ndi kuchepa kwa malo, ndipo amadula mfundo ndi kumeza malembo. Wopita ku Chingerezi amatsala ndi malo opanda kanthu, ndipo chiyeso chake ndi kudzaza malowo ndi mawu okometsera omwe mwini nyimbo sananene. Palinso kampeni kena mumzere wachidulewu: poimba, kapumidwe ka pakati sikamveka, ndipo womvera amalumikiza mawu anayi oyamba ngati chiganizo chimodzi chonena kuti munthu anachoka kwawo, n'kutsala osadziwa chomwe chili chete.

Kutalikitsa mzere mwachilungamo kumatheka posankha mawu a Chingerezi otalikirapo a tanthauzo lomwelo:

*Since you went away, my husband, the home has become quiet.*

Theka loyamba lakwana ndendende. Maphatikizo ndi 8, ndipo musi ukugwa pa SINCE, WENT, WAY ndi HUS, omwe ndi malo amene Mngerezi amatsindika mwachibadwa. Theka lachiwiri nalonso lili ndi maphatikizo 7 monga la Chichewa, ndipo munthu wongowerenga pa zala angati ntchito yatha. Koma likaimbidwa limatuluka motere: THE home HAS be-COME qui-ET. Musi wagwera pa timawu topepuka, liwu lofunika la nyumba lagwera pamalo ofooka, ndipo woimba akukoka phatikizo lomaliza la liwu lomwe Angerezi amalitsindika koyambirira. Kwa womvera wa ku London kapena ku Johannesburg zikumveka ngati munthu akulankhula Chingerezi chothyoka.

Apa ndi pomwe pagona kusiyana kwakukulu kwa zilankhulo ziwirizi. M'Chingerezi liwu lililonse la maphatikizo angapo lili ndi phatikizo lake lolemera, ndipo kulisuntha kumawononga liwulo kapena kulisandutsa lina. Chichewa sichotero. Maphatikizo ake amayenda molingana, ndipo woimba atha kugwetsa musi pa "mo" wa "pakhomo" popanda womudzudzula. Malo amodzi omwe Chichewa chimalemeretsa mosaphonya ndi phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, lomwe limakokedwa pang'ono: "baambo", "kumuunda", "ndatoopa". Chifukwa cha ichi mizere yambiri ya nyimbo za Chichewa imatha ndi phatikizo lolemera lotsatidwa ndi lopepuka, ndipo chuni chimaumbidwa motero. Mizere yambiri ya nyimbo za Chingerezi imathera pa phatikizo limodzi lolemera. Womasulira amene amaliza mzere ndi liwu la phatikizo limodzi pomwe chuni chikufuna awiri amasiya noti imodzi ikulendewera. N'chifukwa chake liwu lotanthauza mwamuna wa m'banja lakhala bwino pamalo a "bambo": lili ndi maphatikizo awiri, loyamba lolemera. Theka lachiwiri la mzere uno ndi losiyana chifukwa mvekero satsata lamulo limenelo, ndipo "zii" akufuna liwu limodzi lolemera lokokeka.

Komabe theka loyambalo lalipira mtengo. Chichewa chinasiya chitseko chotsegula pakati pa mwamuna ndi kholo, Chingerezi chatseka. Ulemu wa "inu" wapita, ndipo mawu akuti *my husband* akumveka ouma pang'ono, ngati a m'khoti. Ena angaike *my darling*, omwe akukwananso pa kagundidwe, koma amenewa ndi mawu a zibwenzi za m'mafilimu, ndipo mayi wosinja mgaiwa pamaso pa apongozi ake sangawatchule. Pakati pa kuuma ndi kunama, kuuma kuli bwino. Mtunda womwe mawu oumawo akuika pakati pa mkazi ndi mwamuna ukufananako ndi mtunda wa ulemu wa Chichewa.

Theka lachiwiri likufuna maphatikizo 7, olemera pa malo oyamba, achitatu, achisanu ndi omaliza, ndipo lomalizalo likhale ndi lembo la liwu lomwe woimba angalikoke. Pali njira zingapo, ndipo iliyonse ikutaya kanthu kake.

*Nothing moves at home but me.*

Pakamwa mzere uwu ndi wokoma kuposa yonse. Ukugwa bwino pa misi, ndipo ukuthera pa "ii" yemweyo wa "zii", kotero woimba atsegula pakamwa chimodzimodzi m'zilankhulo zonse ziwiri. Koma walowetsa munthu amene m'Chichewa mulibe. Mayi uja sanadzitchule. Wanena za pakhomo, ndipo wasiyira omvera kuti aone okha amene akuvutika. Umu ndi momwe madandaulo a pamtondo amayendera: mkazi amaphiphiritsa, kuti wonenedwayo amve koma asapeze pogwira, ndipo akafunsidwa amati ndimangoimba. Mzere wa Chingerezi woloza pachifuwa wasintha khalidwe la woimbayo. Kuzizira nako kwasowa.

*Home is lying still and cold.*

Uwu wagwira bata ndi kuzizira, koma kwa Mngerezi mawu atatu omalizawo akatsatana ndi mneni wa kugona amajambula mtembo. Nyimbo ikanakhala ya maliro, mzerewu ukanakhala mphatso. Pa nyimbo ya mwamuna amene ali moyo ku Joni, ukunena zoposa zomwe mayiyo wanena. Cholakwa chotere sichioneka mu mtanthauziramawu. Chimagwidwa pokhapokha mzere ukawerengedwa kwa munthu amene anakulira m'Chingerezi, n'kumufunsa chithunzi chomwe chabwera m'mutu mwake.

*All our home has fallen zii.*

Kusiya mvekero momwe ulili ndi njira yomwe oimba ena amakonda, makamaka pamaso pa anthu, pomwe nkhope ndi manja zimathandiza. Imasunga fungo la kwawo kwa nyimbo. Vuto ndi loti khutu la mlendo silimva zomwe Mchewa amamva. Kwa Amereka "zii" ndi dzina la lembo lomaliza la alifabeti, ndipo kwa owerenga Chingerezi ambiri kulira kwa lembo limeneli kumakumbutsa tulo ndi mkonono. Mvekero wosamasulira umayenda bwino ngati nyimbo ikuubwereza kambirimbiri ndipo mizere ina yafotokoza kale tanthauzo lake. Pamzere woima wokha, sizikwanira.

Yotsala ndi iyi, yomwe ikaphatikizidwa ndi theka loyamba ikupereka mzere wonse:

*Since you went away, my husband, all our home is still and cold.*

Kagundidwe kakwana pa malo onse 16. Mwa matanthauzo atatu a "zii", awiri alowa, bata ndi kuzizira, ndipo liwu la kuzizira m'Chingerezi limanenanso za kusowa chikondi, kotero nkhani ya mphasa ija yatsala yophimbika monga inalili. Kusakoma kwa ndiwo kwatayika. Timawu tiwiri toyamba theka lachiwiri tikubweza kutakata kwa "pakhomo" komanso kulemera kwa "-ngo-". Liwu lomaliza lili ndi "o" wokokeka, ngakhale likutsekedwa ndi malembo awiri opanda liwu, zomwe Chichewa sichichita. Woimba ayenera kukoka "o" pa malo onse awiri ndi kutseka pakamwa pamapeto penipeni. Woimba wozolowera Chichewa amakonda kuwonjezera "i" kumapeto kwa mawu otere, ndipo pamenepo mzere umapeza phatikizo lachisanu ndi chitatu lomwe silinawerengedwe. Womasulira wodziwa amene adzaimbe nyimboyo amapewa mawu othera m'malembo opanda liwu ounjikana, makamaka pa noti zothamanga.

Kusinthanitsa kotereku kuli ndi dzina m'maphunziro a zomasulira. Peter Low, katswiri wa ku New Zealand, anafanizira womasulira nyimbo ndi wothamanga wa mpikisano wa masewera asanu, amene amapambana ndi mapointi onse pamodzi ngakhale asakhale woyamba pa sewero lililonse. Zisanu zakezo ndi kuimbika, tanthauzo, Chingerezi chomveka chachibadwa, kagundidwe, ndi kufanana kwa mathero a mizere. Mfundo yake ndi yoti kukakamira chimodzi mpaka kupha zinazo ndiko kulephera.

Pa nyimbo za Chichewa, chachisanucho ndicho choyenera kugonja msanga. Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo aneni ambiri amathera pa "a", kotero mathero a mizere amafanana okha popanda wowakonza, ndipo nyimbo zamakolo sizinamangidwe pa zimenezo. Kukoma kwa mawu kumachokera kutsogolo kwa mawu, pa agwirizanitsi obwerezabwereza monga "pa" wa "pakhomo pangoti", komanso pa kubwereza mzere wonse. Womasulira amene waganiza kuti nyimbo ya Chingerezi iyenera kukhala ndi mathero ofanana amayamba kusaka mawu omveka ngati liwu la kuzizira lija, ndipo Chingerezi chimamupatsa mawu a ukalamba, a golide ndi a kugulitsidwa. Posakhalitsa mayi uja wayamba kudandaula za ukalamba womwe sanautchule, kapena za golide wa ku migodi, chifukwa chongofuna kuti mizere igwirizane. Oimba a masiku ano a hipihopu ndi rege amafananitsa mathero mwadala, ndipo pa nyimbo zawo womasulira ayenera kuyesetsa kubweza zimenezo. Pa nyimbo ya pamtondo, ya chinamwali kapena ya maliro, mathero ongoyandikana pang'ono akwanira, ndipo ngakhale atasowa palibe chatayika.

Mzere sukhala wokha m'nyimbo, ndipo zozungulira zake zimabweretsa mafunso ena awiri. Loyamba ndi la kutsogolera ndi kuvomera. Ngati mmodzi akuimba theka loyamba ndipo gulu likuvomera ndi "pangoti zii", Chingerezi chiyenera kuduka pamalo omwewo, ndipo gawo la ovomera liyenera kukhala lomveka palokha chifukwa lidzabwerezedwa kakhumi kapena kuposa. Mumzere womwe wasankhidwa, ovomera angatenge mawu anayi omaliza. Womasulira akasuntha mawu, n'kuika nkhani ya bata koyambirira ndi ya kuchoka kumapeto monga Chingerezi chimalolera, tanthauzo likhala lomwelo koma gulu lidzakhala likuvomera ndi mawu olakwika.

Lachiwiri ndi la timawu todzazira monga "ee", "yaye", "mayo" ndi "ine" wa kumapeto kwa mzere. "Ee" ndi anzake ndi mbali ya chuni, ndipo amasiyidwa momwe alili. "Mayo" ndi "ine" ndi kulira, ndipo kuwamasulira ngati kuitana mayi kapena kudzitchula kumasokoneza. Chingerezi chili ndi mawu akale a chisoni omwe amapezeka m'mabuku, koma amamveka ngati sewero la pasukulu. Kaliwu kafupi ka kubuula, kapena kusiya "mayo" momwemo, kumagwira bwino ntchito.

Nyimbo zakale zili ndi msampha wina. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Afirika mu 1954, anajambula nyimbo zambiri ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ndipo zojambula zoterezi zimamvekabe lero. M'nyimbo za nthawi imeneyo muli mawu omwe achinyamata a m'tauni sakuwadziwa, mayina a malo ndi a anthu omwe mudzi wonse unkawadziwa, ndi zining'a zomwe tanthauzo lake lenileni silili m'mawu. Nyimbo za Gule Wamkulu ndi za chinamwali zimabisa mwadala. Womasulira amafunsa akuluakulu a dera lomwe nyimbo inachokera, ndipo akauzidwa tanthauzo lobisika amasankha mosamala choti aulule. Njira yaulemu ndi kumasulira chithunzi chomwe chili pamwamba, mbalame ikhale mbalame ndipo mtsinje ukhale mtsinje, kuti womvera wa Chingerezi aime pomwe mlendo wa m'mudzimo akanaima.

Mzere ukalembedwa umayesedwa m'njira zitatu. Woyamba kuuyesa ndi womasulira mwini, pouimba mokweza pamodzi ndi nyimbo yojambulidwa uku akuomba m'manja pomwe musi ukugwa. Paliponse pomwe lilime lapunthwa, pomwe mpweya watha mzere usanathe, kapena pomwe dzanja lagwa pa kaliwu kopepuka, pali chofunika kukonza. Kenaka mzere umapita kwa munthu wodziwa Chingerezi chokha, amene amaumva ukuimbidwa osaona pepala, n'kunena zomwe wamva: akulankhula ndani, akulankhula ndi yani, ndipo ali wokwiya, wachisoni kapena akuseka. Akayankha kuti ndi mwana wolira atate ake, kapena kuti m'nyumbamo muli maliro, womasulira amadziwa liwu lomwe lamusocheretsa. Pomaliza, munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri amene sanamvepo nyimboyo amabweza mzere wa Chingereziwo ku Chichewa. Sangabweze mawu enieniwo, ndipo sizofunika. Akabwera ndi "chichokereni amuna anga pakhomo pazizira", ntchito yayandikira. Akabwera ndi "ndatsala ndekha", ndiye kuti womasulira wapeka nyimbo yakeyake pa chuni cha mwini wake.

Mawu a nyimbo yodziwika mwini wake ndi chuma cha mwiniyo, ndipo kuwamasulira n'cholinga chosindikiza, kujambula kapena kuimba pagulu kumafuna chilolezo chake. Ku Malawi nkhani zotere zimayendetsedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992. Kukumana ndi wopeka kumathandizanso pa ntchito yeniyeniyo, chifukwa ndi iye amene anganene ngati "bambo" wa mumzere wake ndi mwamuna kapena kholo, komanso tanthauzo la "zii" lomwe sangalole kuti litayike.